Akudikira Chiyani, Ndipo Adzadikira Mpaka Liti? Nkhani kwa Okonzekera Mayeso a Opareting'i Sisitemu



Pa pepala la opareting'i sisitemu pali mafunso awiri amene sajomba. Lina limakupatsani mapulosesi anayi kapena asanu, lililonse ndi nthawi yake yofikira ndi kutalika kwa ntchito yake, n'kukuuzani kuti mujambule tchati cha Gantt. Linalo limafunsa za dediloko. Ambiri mumawerenga awiriwa ngati mitu yosagwirizana, wina wa masamu, wina woloweza pamtima. Ine ndikuti mutu ndi umodzi. Onse akufunsa kuti pa mphindi ino, ndani wagwira chiyani, ndani akudikira chiyani, ndipo kudikirako kudzatha kapena ayi. Wophunzira amene amalemba yankho la funso limeneli pa mphindi iliyonse sasochera. Amene amathamangira fomula ndiye amataya malikisi, ndipo amawataya m'malo omwewomwewo chaka ndi chaka.

Tiyambe ndi funso la tchati. Pulosesi ndi pulogalamu imene ikuyenda. CPU ndi imodzi m'mafunso otere, ndipo imagwira pulosesi imodzi pa nthawi. Ena onse okonzeka amaima pamzere, ndipo gawo la sisitemu lotchedwa shedyula ndilo limasankha wolowa. Funso lathu ndi ili, nthawi zonse zili m'mamilisekondi.

```
      AT   BT
P1     0    6
P2     2    3
P3     4    1
P4     5    5
```

AT ndi nthawi imene pulosesi yafika pamzere, BT ndi nthawi imene ikufuna pa CPU. Mukajambula tchati mupeza CT, nthawi imene yamaliza. Mafomula ofunika ndi awiri okha.

```
TAT = CT - AT
WT  = TAT - BT
```

TAT ndi nthawi yonse kuchokera pofika mpaka pomaliza. WT ndi gawo la nthawi imeneyo limene pulosesi inangoima pamzere osagwira ntchito. Musanajambule kalikonse, phatikizani ma BT onse: 6, 3, 1 ndi 5 zikupanga 15. Popeza CPU sikhala yopanda ntchito pena paliponse m'funsoli, tchati chanu chiyenera kuthera pa 15, kaya mwagwiritsa ntchito njira iti. Chikathera pa 14 kapena 16, mwalakwitsa, ndipo mwadziwa izi musanawerengere avareji.

Njira yoyamba, FCFS, ndi ya woyamba kufika woyamba kuthandizidwa. P1 iyenda kuchokera pa 0 mpaka 6, P2 mpaka 9, P3 mpaka 10, P4 mpaka 15. Kudikira kwawo ndi 0, 4, 5 ndi 5, avareji 3.5. Palibe chovuta apa, koma taonani P3. Ntchito yake ndi ya milisekondi imodzi, koma yadikira zisanu. Zili ngati kuchigayo: mwabwera ndi kabeseni ka mgaiwa wa madzulo, n'kupeza patsogolo panu pali wa matumba khumi. Wolemba mayeso akafunsa kuipa kwa FCFS, akufuna mutchule zimenezi, kuti ntchito zazifupi zimaunjikana kumbuyo kwa ntchito yaitali, ndipo mukaloza P3 pa tchati chanu chomwecho yankho limalemera kuposa tanthauzo loloweza.

SJF imasankha ntchito yaifupi koposa, koma silanda CPU kwa amene wayamba kale. Apa ndi pomwe msampha woyamba uli. Wophunzira amayang'ana tebulo lonse, n'kuona kuti P3 ndiyo yaifupi, n'kuiika poyamba penipeni. Koma pa 0 P3 kulibe, ifika pa 4. Shedyula siona zam'tsogolo, imasankha mwa omwe ali pamzere panthawiyo, ndipo pa 0 pamzere pali P1 yokha. Choncho P1 iyenda mpaka 6. Pa 6 onse afika, ndiye P3 ilowa mpaka 7, P2 mpaka 10, P4 mpaka 15. Kudikira ndi 0, 5, 2 ndi 5, avareji 3.0.

SRTF ndi mng'ono wake wa SJF amene amalanda. Nthawi iliyonse pulosesi yatsopano ikafika, shedyula imayerekeza ntchito ya wafikayo ndi imene yatsalira amene ali pa CPU. Mawu ofunika ndi akuti yatsalira. Tiyeni tiyende pang'onopang'ono. P1 yayamba pa 0. Pa 2 yatsala ndi 4, ndipo P2 yafika ndi 3. Popeza 3 ndi yochepa, P2 ilanda. Pa 4 P2 yatsala ndi 1, ndipo P3 yafika nayonso ndi 1. Afanana. Mwambo wa mabuku ambiri ndi wakuti akafanana, amene ali pa CPU apitirize, chifukwa kusintha kumadya nthawi popanda phindu. P2 imaliza pa 5, P3 iyenda mpaka 6. Tsopano pamzere pali P1 ndi P4. Amene sanalembe zotsala amabwerera ku tebulo, n'kuona 6 kwa P1 ndi 5 kwa P4, n'kulowetsa P4. Koma P1 inagwira kale mamilisekondi awiri, yatsala ndi 4. Iyo ndiyo ilowa, mpaka 10, kenako P4 mpaka 15. Kudikira ndi 4, 0, 1 ndi 5, avareji 2.5. Wolakwitsa uja apeza 2.75, nambala yooneka bwino ndithu, ndipo tchati chake chithera pa 15 ngati cha anzake. Chomupulumutsa chikanakhala chimodzi: kachigawo m'mbali mwa pepala kolembapo zotsala, n'kumafafaniza nthawi iliyonse pulosesi ikachoka pa CPU.

Pa funso lomwelo, palibe njira imene ingapereke avareji ya kudikira yotsika kuposa ya SRTF, ngati kusintha mapulosesi sikuwerengedwa kuti kukudya nthawi. Ichi ndi chida choyesera mayankho anu. Mukapeza kuti FCFS kapena RR yapambana SRTF, bwererani.

Nanga bwanji makompyuta sagwiritsa ntchito SRTF basi? Chifukwa BT ilipo pa pepala la mayeso pokha. Sisitemu yeniyeni sidziwa kuti pulogalamu itenga nthawi yaitali bwanji isanayende, imangoyerekeza kuchokera pa mmene inachitira m'mbuyomu. Linux kuyambira mu 2007 inkagwiritsa ntchito shedyula yotchedwa CFS, imene inkawerengera nthawi yomwe aliyense wadya kale n'kulowetsa amene wadya yochepa, ndipo mu 2023 inalowedwa m'malo ndi EEVDF. Zonsezi zimayang'ana zomwe zachitika kale, chifukwa ndi zokhazo zomwe zingayezedwe.

Ndikhalitsa pa RR, chifukwa ndi pomwe malikisi ambiri amathera. Aliyense amapatsidwa kanthawi kofanana, kwantamu, ndipo akapanda kumaliza amabwerera kumapeto kwa mzere. Titenge kwantamu ya 2. Pano tchati chokha sichikwanira, muyenera kulemba mzere womwewo pa kusintha kulikonse. P1 iyenda kuchokera pa 0 mpaka 2, n'kutsala ndi 4. Pa 2 zinthu ziwiri zikuchitika pamodzi: P1 ikubwerera pamzere, ndipo P2 ikufika. Aime patsogolo ndani? Mwambo wofala ndi wakuti wafika kumene ayambe, wochotsedwayo aime kumbuyo kwake. Ndiye P2 iyenda mpaka 4, n'kutsala ndi 1. Pa 4 zachitikanso: P3 ikufika pamene P2 ikuchoka. Mzere ukhala P1, P3, P2. P1 iyenda mpaka 6, n'kutsala ndi 2, ndipo ili m'kati moyenda, pa 5, P4 yafika n'kuima kumbuyo kwa P2. P1 ikatsika ipeza P4 ili kale pamzere. Mzere tsopano ndi P3, P2, P4, P1. P3 ikufuna 1 yokha, imaliza pa 7, ndipo CPU sidikira kuti kwantamu ikwane, imatenga wotsatira pomwepo. Tchati chonse ndi ichi.

```
P1 0-2 | P2 2-4 | P1 4-6 | P3 6-7 | P2 7-8 | P4 8-10 | P1 10-12 | P4 12-15
```

Kudikira ndi 6, 3, 2 ndi 5, avareji 4.0. Koma mukatsatira mwambo winawo, woti wochotsedwayo aime patsogolo pa wafika kumene, P1 imaliza pa 8, P3 pa 9, P2 pa 12, ndipo avareji ikhala 4.5. Mayankho awiri, onse ochokera m'masamu olondola. Funso labwino limanena mwambo woti mutsatire. Likapanda kunena, lembani chiganizo chimodzi pamwamba pa tchati chofotokoza mwambo umene mwasankha. Ine pochonga, wophunzira wotere ndimatha kutsatira masamu ake mpaka kumapeto, pomwe amene wangoika nambala yosiyana ndi yanga ndilibe pomugwirira.

Mwina mwadabwa kuti RR yapereka avareji yoipa kuposa FCFS yomwe. Musafufute, ndi zoona. RR sinapangidwe kuti ichepetse kudikira konse, inapangidwa kuti aliyense ayankhidwe msanga. Yezani nthawi kuchokera pofika mpaka pamene pulosesi yakhudza CPU koyamba. Mu FCFS ndi 0, 4, 5, 5, avareji 3.5. Mu RR ndi 0, 0, 2, 3, avareji 1.25. Munthu amene wadina batani akufuna kuona kuti kompyuta yamumva, ndipo muyeso wake ndi umenewu. Za kukula kwa kwantamu, yankho ndi lalifupi. Ikakula kuposa BT yaikulu koposa, pano 6, RR yasanduka FCFS. Ikachepetsetsa, CPU imathera nthawi yambiri posunga ndi kubwezeretsa mapulosesi m'malo mowayendetsa.

Tisanachoke pa shedyula, taganizirani P4 mu SRTF. Inadikira zisanu n'kulowa, chifukwa pambuyo pake sipanabwere wina. Koma bwanji ngati milisekondi iliyonse kukanafika pulosesi yatsopano ya BT 1? P4 sikanalowa konse. Uku ndi kumanidwa mpata, ndipo kumachitikanso pamene mapulosesi apatsidwa maudindo, waudindo wotsika n'kumangopitiriridwa. Mankhwala ake ndi kukweza udindo wa pulosesi pamene ikukhalitsa pamzere. Gwirani bwino chinthu ichi: P4 ndi yokonzeka, sikusowa kanthu kupatula CPU, ndipo sisitemu yonse ikuyenda, ntchito zina zikutha. Tsiku limene afupiwo adzaleke kubwera, idzalowa. Dediloko ndi kudikira kwa mtundu wina, ndipo funso lakuti musiyanitse ziwirizi limabwera kawirikawiri.

Mu dediloko muli gulu la mapulosesi, ndipo lililonse likudikira chinthu chimene chingamasulidwe ndi lina la m'gulu lomwelo. Palibe ali pamzere wa okonzeka. CPU ikhoza kukhala ikungopuma, shedyula ilibe womusankha mwa iwo. Chitsanzo chenicheni ndi cha kutumiza ndalama pakati pa maakaunti awiri. Pulogalamu imatseka akaunti yochotsako ndalama ndi loko, kenako imatseka yolandira. Wina akutumiza kuchokera ku A kupita ku B, mnzake nthawi yomweyo kuchokera ku B kupita ku A.

```
T1: lock(A); lock(B); ... unlock(B); unlock(A);
T2: lock(B); lock(A); ... unlock(A); unlock(B);
```

Nthawi zambiri izi zimayenda bwinobwino, T1 imamaliza zonse T2 isanayambe. Koma kwantamu ya T1 ikatha itangotseka A, T2 ilowa n'kutseka B, kenako ipempha A n'kuima. T1 ikabwerera ipempha B n'kuima. Basi. Onani kuti chimene chaulula vutoli ndi shedyula, posintha pa malo oipa. N'chifukwa chake zolakwika zotere zimadutsa poyesa pulogalamu n'kudzatulukira ikugwira ntchito, pakapita miyezi.

Mu 1971 Coffman, Elphick ndi Shoshani analemba zinthu zinayi zimene ziyenera kukhalapo pamodzi kuti dediloko ichitike. Ndikudziwa kuti mumaziloweza. Koma funso la malikisi ambiri silifuna mndandanda, limafuna muzionetse mu nkhani imene mwapatsidwa, ndiye tizione pa T1 ndi T2. Loko ya A ingagwiridwe ndi mmodzi yekha pa nthawi, ndiko kusagawana. T1 yagwira A uku ikudikira B, ndiko kugwira uku ukudikira. Palibe angalande A kwa T1 mpaka itasiya yokha, ndiko kusalandidwa. Ndipo T1 ikudikira T2 pamene T2 ikudikira T1, ndiko kudikirana mozungulira. Zitatu zoyambazo ndi malamulo a sisitemu, analipo dzulo pamene zonse zinkayenda bwino. Chachinayi ndicho chimachitika pa mphindi inayake.

Popeza zonse zinayi n'zofunika, kuthyola chimodzi n'kokwanira, ndipo wolemba mayeso amafuna mudziwe mtengo wa chilichonse. Kusagawana simungakuchotse pa akaunti, chifukwa awiri akailemba pamodzi ndalama zisokonekera. Mungalamule kuti pulosesi itenge zonse zofuna nthawi imodzi kapena isatenge kanthu, koma zipangizo zimakhala zogwidwa nthawi yaitali zisakugwira ntchito, ndipo wofuna zambiri akhoza kumanidwa mpata. Kulanda kumatheka pa CPU ndi memore, zomwe mungasunge n'kubwezeretsa, koma pulinta ili pakati pa tsamba simungailande. Chimene olemba mapulogalamu amachita kwenikweni ndi kuthyola chachinayi. Loko iliyonse ipatsidwe nambala, ndipo aliyense atseke kuyambira nambala yaing'ono kukwera. Pa maakaunti athu, onse awiri ayamba ndi A, kaya ndalama zikulowera kuti. T2 ikapeza A yatsekedwa iima isanagwire B, ndiye T1 ipeza B ili yomasuka. Mukafunsidwa umboni, ndi wa mizere iwiri: kuti pakhale kuzungulira, aliyense akhala akudikira nambala yaikulu kuposa imene wagwira, ndipo mukatsatira mkomberowo mufika ponena kuti nambala ina ndi yaikulu kuposa iyo yomwe, zomwe sizingatheke.

Msampha wotchuka pa gawoli uli pa chithunzi cha mivi, chija chimaonetsa mapulosesi ndi zipangizo. Wophunzira akangoona mivi yazungulira amalemba kuti pali dediloko. Zimenezo n'zoona pokhapokha chipangizo chilichonse cha mumkomberowo chili chimodzi chokha. Tiyerekeze kuti pali sikana imodzi ndi mapulinta awiri. P1 yagwira sikana, ikufuna pulinta. P2 yagwira pulinta imodzi, ikufuna sikana. Mkombero ulipo. Koma pulinta yachiwiri ili ndi P3, imene sikudikira kanthu. P3 ikamaliza, pulinta ipita kwa P1, P1 imaliza n'kusiya sikana, P2 nayo imaliza. Choncho mkombero ukasowa, dediloko kulibe. Ukakhalapo, werengani timadontho ta m'bokosi la chipangizo, ndipo funani pulosesi imene ingamalize popanda kudikira wina.

Pali kafunso kena kamene kamaoneka kofuna fomula koma kamangofuna kuganiza za tsiku loipitsitsa. Mapulosesi atatu, lililonse lingafune mapulinta atatu. Pakhale mapulinta angati kuti dediloko isatheke? Agawireni mwankhanza: aliyense mumpatse awiri, kuti atsale ndi imodzi kuti akwanitse. Apita 6, ndipo onse atatu aima. Onjezani imodzi. Amene aitenge wakwanitsa atatu, amaliza, n'kubweza onse. Yankho ndi 7, ndipo fomula yake ndi `n(k - 1) + 1`. Mukamvetsa njirayi simuvutika funso likasintha kuti wina akufuna 2, wina 3, wina 5: chotsani imodzi kwa aliyense, phatikizani 1, 2 ndi 4, onjezani imodzi, mupeza 8.

Maganizo omwewa a tsiku loipitsitsa ndiwo ali pansi pa njira ya mwini banki, imene Edsger Dijkstra anaikonza m'zaka za m'ma 1960. Pulosesi iliyonse imaneneratu zochuluka koposa zimene ingadzafune, ndipo sisitemu isanapereke kanthu imadzifunsa kuti, onsewa atati apemphe zonse zimene ananena, kodi ndingawamalizitse mmodzimmodzi? Pa mayeso mudzapatsidwa mitundu itatu kapena inayi ya zipangizo, koma njira ndi yomweyo, ndiye ndigwiritsa ntchito mtundu umodzi. Zipangizo zonse ndi 10.

```
      Max  Allocation  Need
P1     8       3         5
P2     4       2         2
P3     8       2         6
Available = 10 - 7 = 3
```

Max ndi zimene inaneneratu, Allocation ndi zimene yagwira kale, Need ndi kusiyana kwake. Tili ndi 3 m'manja. P1 ikufuna 5, sitingathe. P2 ikufuna 2, tingathe. Tiyerekeze kuti taipatsa, yamaliza, yabweza. M'manja tsopano muli zingati? Ambiri amalemba 7, kuphatikiza 3 ndi Max ya 4. Ayi. Ziwiri zimene tinaibwereka zinachokera m'manja mwathu momwemo ndipo zangobwerera, zatsopano ndi ziwiri zimene inagwira kale. Ndiye 3 kuphatikiza Allocation ya 2, tili ndi 5. P1 ikufuna 5 ndendende, ndipo kufanana n'kololedwa. Ikamaliza tili ndi 8, P3 ikufuna 6, imaliza, tili ndi 10. Nambala yomaliza ikafanana ndi zipangizo zonse, masamu anu ali bwino. Ndondomeko P2, P1, P3 ilipo, choncho sisitemu ili pabwino. M'mafunso aakulu ndondomeko zotere zimatha kukhala zingapo, ndipo imodzi ndi yokwanira pokhapokha mutauzidwa kuti mupeze zonse.

Gawo lachiwiri la funsoli ndilo limasiyanitsa ophunzira. P3 yapempha chipangizo chimodzi. Pempholi silinapose Need yake, ndipo silinapose zili m'manja. Ambiri amaima pomwepa n'kuvomera. Koma pali sitepe yachitatu: yerekezani kuti mwapereka, n'kuyesanso. M'manja mwatsala 2, P3 yagwira 3, ikufunabe 5. P2 imaliza, tili ndi 4. P1 ikufuna 5, P3 ikufuna 5. Palibe angapitirire, ndiye pempholi likanidwe, P3 idikire, ngakhale zipangizo zilipo zitatu zongokhala. Tsopano sinthani wopempha, akhale P1, chimodzi chomwecho. M'manja mwatsala 2, P1 yagwira 4, ikufunabe 4. P2 imaliza, tili ndi 4, zokwanira P1. Ikabweza tili ndi 8, ndipo P3 imaliza. Pempho lofanana kukula, yankho losiyana, chifukwa chipangizo chapita kwa amene ali pafupi kubweza. Ndipo funso likakhala ndi mapempho awiri, werengani bwino ngati lachiwiri likuyambira pa tebulo loyamba kapena pa losinthidwa. Pempho lokanidwa silisintha tebulo.

Samalani ndi mawu polemba chigamulo. Tikanampatsa P3, sitikanalowa mu dediloko pomwepo. Max ndi malire chabe, ndipo P1 ikhoza kumaliza osapempha zonse zisanu. Chimene tikanataya ndi chitsimikizo. Dediloko iliyonse ili m'dera losatetezeka, koma si malo onse osatetezeka omwe ali dediloko. Wolemba kuti sisitemu ili mu dediloko pamene tebulo langoonetsa kusatetezeka wataya malikisi a chiganizo chomaliza, masamu onse ali olondola.

Kunena zoona, Linux ndi Windows sayendetsa njira ya mwini banki pa mapulogalamu anu, chifukwa palibe pulogalamu imene imaneneratu Max yake, ndipo mapulosesi amabadwa ndi kufa nthawi iliyonse. Amadalira olemba mapulogalamu kuti atseke maloko mwa ndondomeko. Madatabesi ndiwo amafufuza. PostgreSQL ikaona kuti wina wadikira loko kwa sekondi imodzi, nthawi imene imaikidwa ndi `deadlock_timeout`, imafunafuna mkombero, ndipo ikaupeza imathetsa ntchito ya mmodzi ndi uthenga wakuti `deadlock detected`, kuti winayo apitirire. Izi zimatheka chifukwa databesi imatha kubweza m'mbuyo zonse zimene wothetsedwayo anachita, ndiko kuti imathyola lamulo la kusalandidwa.

Nditsirize ndi nkhani imene aphunzitsi timakonda kuiika pa funso lomaliza, chifukwa imalumikiza mbali zonse ziwiri. Chombo cha Mars Pathfinder chinatera pa Mars pa 4 Julayi 1997, ndipo patapita masiku ochepa kompyuta yake inayamba kumadzizimitsa n'kuyakanso yokha. Inkayendera VxWorks, imene imalowetsa waudindo wapamwamba nthawi zonse. Ntchito yaudindo wotsika, yosonkhanitsa za nyengo, inkagwira loko ya malo ogawana deta. Ntchito yaudindo wapamwamba, yoyendetsa deta pakati pa zipangizo, inkafuna loko yomweyo n'kuima. Pamenepo ntchito zaudindo wapakati, zomwe lokoyo sizinkaifuna n'komwe, zinkalanda CPU kwa wotsika uja, moti sankapeza mpata womaliza ndi kumasula. Wapamwamba ankachedwa mpaka kupitirira nthawi yake, ndipo pulogalamu yolondera ikaona zimenezo inkayambitsanso makina onse.

Funso limati, kodi iyi inali dediloko? Yesani zinthu zinayi zija. Loko inali ya mmodzi pa nthawi, inde. Sikanalandidwa, inde. Koma wotsika uja sankadikira chilichonse chogwidwa ndi wapamwamba. Anali wokonzeka, akungosowa CPU, ngati P4 wathu mu SRTF, ndipo apakati akanatha ntchito zawo akanalowa. Mkombero panalibe, choncho dediloko panalibe. Vuto linali kutembenuka kwa maudindo, wapakati kuchedwetsa wapamwamba podzera mwa wotsika. Akatswiri a ku JPL analipeza poyendetsa makina ofanana nawo pansi pano mpaka vutolo litaonekera, ndipo anatumiza kusintha kochepa kuchombo kuti wogwira loko azibwereka udindo wa amene akumudikira. Ndi kusinthako, wa zanyengo akagwira loko imene wapamwamba akuifuna amakwera udindo kwa kanthawi, apakati sangamulandenso CPU, amamaliza msanga n'kumasula, kenako amabwerera pa udindo wake wakale.